Dontho, dontho: luso lomanga mzere wa kanyimbo ka pa wailesi woti uyende ku Chitipa

Kanyimbo ka uthenga kapena ka malonda, kamene anthu a pa wailesi amati jingo, kamapatsidwa masekondi 30, mwina 45, ndipo kakachulukitsa ndi mphindi imodzi. M'nthawi yochepayo kamayenera kusiya mzere umodzi m'mutu mwa munthu amene sanakhale pansi kuti amvetsere: mayi akupeta chimanga, mnyamata wa kabaza akudikira wokwera, wogulitsa m'golosale akuwerenga chenji. Timanyimbo tambiri timene timamva m'Chichewa timayesa kuchita zimenezi pofananitsa mathero a mizere, monga amachitira olemba nyimbo za Chingerezi. Ine ndikuona kuti njira imeneyi ndiyo yofooka kwambiri mwa njira zonse zimene chilankhulo chathu chimapereka, ndipo malo amene kufookako kumaonekera msanga ndi ku Chitipa.

Chifukwa chake ndi kuchuluka kwa zilankhulo. Boma limeneli, limene kalembera wa 2018 anapezamo anthu oposa 230,000, lili pakati pa Tanzania ndi Zambia, ndipo m'menemo mukumveka Chilambya, Chindali, Chisukwa cha ku mapiri a Misuku, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe, Chibemba, Chitumbuka cha ku Nthalire ndi Wenya, komanso Chiswahili cha amalonda. Chichewa ambiri amachimva, poti chinakhala chilankhulo cha dziko mu 1968 ndipo MBC inakhala zaka zambiri ikuulutsa m'Chichewa ndi Chingerezi chokha, koma si chimene amalankhula kunyumba. Lero pali Zodiak imene inayamba mu 2005, pali Tuntufye FM ya Dayosizi ya Karonga imene imalankhula zilankhulo za kumeneko, ndipo mawailesi a ku Tanzania amalowanso bwinobwino. Mzere wopangidwira ku Lilongwe ukafika ku Kameme kapena ku Ifumbo umakumana ndi khutu limene silingauthandize. Mchewa akaiwala liwu limodzi amalilowetsa m'malo ndi lina chifukwa akudziwa chiganizo chonse. Munthu amene Chichewa ndi chilankhulo chake chachitatu amagwira zimene mamvekedwe a mzerewo amugwiritsa basi.

Tiyambe ndi mathero ofananawo. Mawu onse a Chichewa amathera ndi lembo la liwu, ndipo malembo a liwuwo alipo asanu okha. Kuwonjezera apo, aneni pafupifupi onse amathera ndi a: kudya, kulima, kugula, kusamba. Choncho munthu akalemba mizere inayi mosaganizira n'komwe, iwiri kapena itatu imathera mofanana yokha. M'Chingerezi mawu amathera m'njira zambirimbiri, ndiye awiri akafanana khutu limadabwa ndipo limasunga. Kwathu kuno khutu silidabwa ndi chinthu chimene limamva tsiku lonse. Olemba ena atazindikira zimenezi anayamba kutalikitsa mathero, ndipo njira yachidule imene anapeza ndi mneni wochitidwa. Nachi chitsanzo chimene ndapeka motsanzira chizolowezi chimenechi:

Makolo akupemphedwa,
katemera akuperekedwa,
matenda agonjetsedwa.

Pa pepala zikuoneka ngati ndakatulo. Koma yesani kuimbira munthu kawiri, mum'funse mawa lake. Adzakumbukira kuti munali "edwa, edwa", ndipo adzasokoneza amene akupemphedwa ndi chimene chikuperekedwa. Mathero ofananawo agwera pa kachidutswa ka galamala kamene kalibe uthenga, pamene mawu onyamula nkhani, makolo, katemera, matenda, ali kumayambiriro opanda chowamangirira. Mizereyo mutha kuisinthanitsa mmene mungafunire osaona kuti china chasokonekera, ndipo chimenecho ndicho chizindikiro choyamba cha kanyimbo kosamangika. Chachiwiri n'chakuti palibe amene akuuzidwa chochita. Mneni wochitidwa ndi chilankhulo cha kalata ya ku ofesi.

Sindikunena kuti mathero ofanana alibe ntchito. Aswahili, anansi a anthu a ku Chitipa tsidya la Songwe, ali ndi mwambo wakale wa mashairi umene mzere umakhala ndi maphatikizo 16 ogawidwa pakati 8 ndi 8, ndipo pakati ndi pamathero pamafanana mu ndime yonse. Koma onani kuti iwo amawerenga maphatikizo mosalakwitsa. Kufanana kwa mathero kumamveka chifukwa kumabwera pa nthawi yake yeniyeni, pamene khutu likukuyembekezera. Alakatuli athu monga Benedicto Wokomaatani Malunga ndi Robert Chiwamba nawonso amasewera ndi maliwu ofanana, koma ali ndi mphindi zingapo komanso mawu awoawo powerenga kuti omvera azolowere. Wopeka jingo ali ndi mizere itatu.

Nanga khutu la Mchewa limagwira pati? Limagwira pa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Tikamalankhula, phatikizo limeneli timalikoka pang'ono, makamaka pamene tikupumira: mwaana, katemeera, Chitiipa. Chitumbuka chimachita chimodzimodzi, Chiswahilinso chimagogomeza pomwepo. Lembo la liwu lomaliza limatuluka mofooka, ndipo pa wailesi yaing'ono ya mabatire otha nthawi zina silimveka n'komwe. Zimenezi zikutanthauza zinthu ziwiri kwa wopeka. Choyamba, ng'oma iyenera kugunda pa phatikizo lokokedwalo, apo ayi mawu amapindika. Chachiwiri, ngati akufuna kuti mizere iwiri imvane, aifananitse pamenepo. Mawu akuti wako ndi mwake sathera mofanana, komabe khutu limawamva ngati apachibale, kuposa mmene limamvera kugula ndi kusamba amene onse akuthera ndi a.

Chinthu china chimene tili nacho, chimene Chingerezi chilibe, ndi mgwirizano wa mayina ndi mawu owatsatira. Tikati "chimanga chathu chacha" kapena "zipatso zanga zapsa", kufanana kwabwera kumayambiriro kwa mawu, ndipo kwabwera popanda kukakamiza chiganizo. Miyambi, zilapi ndi nyimbo za pamtondo zimadalira kwambiri njira imeneyi. Ubwino wake ndi wakuti imamangirira mawu onse a mzere pa dzina limodzi, kotero munthu akakumbukira dzinalo, mawu enawo amabwera okha. Zilankhulo zonse za ku Chitipa zili ndi mgwirizano woterewu, choncho womvera aliyense kumeneko ali kale ndi khutu lake.

Tsopano titenge nkhani yeniyeni tiigwirire ntchito. Mu Febuluwale 2022 boma linalengeza kuti mwana wina ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo, woyamba wa mtundu umenewo mu Africa patatha zaka zoposa zisanu. Kuyambira mu Malichi alangizi a zaumoyo anayenda khomo ndi khomo kudontheza madontho awiri m'kamwa mwa ana osakwana zaka zisanu, ndipo mayiko oyandikana nafe, kuphatikizapo Tanzania ndi Zambia, anachitanso zomwezo. Boma la m'malire ngati Chitipa linali pakati penipeni pa ntchito yotereyi. Mizere imene ikubwerayi si imene inaulutsidwa nthawi imeneyo. Ndi yanga, yoonetsera mmene ntchito imayendera. Tiyerekeze kuti wopeka walandira uthenga kuchokera ku ofesi wolembedwa motere:

"Makolo nonse mukupemphedwa kuonetsetsa kuti ana anu osakwana zaka zisanu alandira katemera wa poliyo amene akuperekedwa khomo ndi khomo ndi alangizi a zaumoyo."

Chiganizo chimenechi chili ndi maphatikizo 66. Chilibe cholakwika, koma sichingaimbike, ndipo cholakwa chofala kwambiri m'masitudiyo ndi kuchitenga mmene chilili n'kuchithamangitsa pamwamba pa kiyibodi, woimba akupuma movutikira kuti mawu onse akwane. Mu 1975 Alan Baddeley ndi anzake ku Britain anaonetsa kuti munthu amasunga m'mutu nthawi imodzi mawu okhawo amene angathe kuwatchula m'masekondi pafupifupi awiri, ndipo mawu aataliatali amakwanamo ochepa. Kwa ife amene mawu athu ndi aatali, phunziro lake ndi lowawa. M'masekondi awiri, woimba mosathamanga amakwanitsa maphatikizo asanu ndi atatu. Liwu limodzi lokha lakuti "akuperekedwa" ladya kale asanu ndi limodzi.

Ndiye ntchito yoyamba ndi kugawa. Zaka za mwana, masiku a katemera, ndi zoti alangizi abwera pakhomo, zonsezo zipite kwa muulutsi amene adzalankhula pakati pa kanyimboko. Nyimbo inyamule zinthu zitatu zokha: mwana, madontho, ndi dzina la chinthucho, katemera.

Woyesa koyamba amakopeka ndi mgwirizano uja, n'kulemba kuti:

Kamwana kalandire katemera.

Mzere umenewu ndi wokoma pakamwa. Ka akubwera katatu, ndipo wachitatuyo sali wa mgwirizano, wangokumanizana nawo mwamwayi. Komabe ndingaukane. "Kamwana" ndi khanda la kumsana, ndipo mayi amene mwana wake wa zaka zinayi akuthamanga pabwalo adzamva kuti uthengawo sukumukhudza. Apa kukoma kwa mawu kwadula theka la ana amene akufunidwa. Ngozi imeneyi ndi yeniyeni pa luso lonseli. Mu 2000 Matthew McGlone ndi Jessica Tofighbakhsh ku America anapeza kuti anthu amaona chiganizo cha mawu omvana ngati choona kuposa chiganizo cha tanthauzo lomwelo chosamvana. Woyamba kupusitsidwa ndi mzere wokoma amakhala mwini wake amene waupeka.

Tiyesenso, ndi mawu aafupi a maphatikizo awiriawiri:

Mwana wanga, mwana wako.

Maphatikizo ndi asanu ndi atatu, ndipo kugunda kuli kanayi: MWA-na WA-nga MWA-na WA-ko. Phatikizo lililonse lokokedwa lagwera pa ng'oma, ndipo onse anayi ali ndi wa mkati mwake. Liwu lakuti mwana labwerezedwa, koma kachiwiriko labwera ndi kusintha pang'ono, kuchoka kwa ine kupita kwa iwe. Kubwereza kwabwino kumakhala kotero: gawo lina limakhala chikhalire, gawo lina limasuntha. Mzerewu ukunenanso chinthu chimene chiganizo cha ku ofesi sichinanene, kuti woimbayo naye wapereka mwana wake, sakungolamula anzake.

Mzere wachiwiri ndi umene umagwetsa ambiri. Wobwera msanga m'maganizo ndi uwu:

Madontho awiri m'kamwa.

Mukawerenga pa zala, m uja mukamumata ku liwu la patsogolo pake monga timachitira poimba, mupeza maphatikizo asanu ndi atatu ngati mzere woyamba. Wopeka amene amangowerenga zala amakhutira. Koma omberani m'manja: ma-DO-ntho a-WI-ri m'KA-mwa. Kugunda kuli katatu, ndipo kukuyenda mwa atatuatatu pamene mzere woyamba unayenda mwa awiriawiri. Mukauika pa nyimbo ya mzere woyamba, woimba amakakamizika kunena MA-do-NTHO-a, ndipo liwu lofunika kwambiri lija silimvekanso ngati madontho. Amene Chichewa anachiphunzira ku sukulu ndiye amatayikiratu. Njira yodziwira vutoli ndi yapafupi: lankhulani mzerewo mmene mungauzire mnzanu, kenako uimbeni. Ngati phatikizo lokokedwa lasamuka, mzerewo sunakhale bwino, ngakhale chiwerengero chikwane.

Kukonza kwake n'kubwerera ku mawu aafupi:

Dontho, dontho, m'kamwa mwake.

DO-ntho DO-ntho m'KA-mwa MWA-ke. Kugunda kwabwerera kanayi. Liwu lakuti awiri lachoka, koma chiwerengerocho sichinachoke, chifukwa dontho latchulidwa kawiri, ndipo woimba ng'oma atha kuika kaphokoso kamodzi pa dontho lililonse. Mzerewu ukutsanzira kamangidwe ka woyamba, liwu limodzi lobwera kawiri, ndipo mwa wa mwana wabweranso mu m'kamwa ndi mwake. Pamathero pali wako ndi mwake, omvana pa phatikizo lokokedwa. Mawu akuti m'kamwa ali ndi ntchito inanso. Makolo ambiri akamva katemera amaganiza za jakisoni ndi mwana wolira usiku, choncho liwu limeneli likuyankha mantha amene uthenga wa ku ofesi sunawaganizire.

Mzere wachitatu upereke chifukwa. Tikanatha kunena kuti "poliyo asamugwire", ndipo maphatikizo akanakwana, koma kugunda kwake kwenikweni ndi kuwiri kokha, ndipo mzerewo ukusiya dzina la matenda pamalo a ulemu. Ndingasankhe uwu:

Mwendo wake uziyenda.

Mwendo akuyamba ngati mwana, wake akumvana ndi mwake ndi wako, ndipo mwendo ndi kuyenda ndi mawu a muzu umodzi, kotero kufanana kwawo kuli ndi tanthauzo. Mzerewu ukunena zimene kholo likufuna kuona popanda kunyoza munthu amene analumala kale, chinthu chimene timanyimbo ta zaumoyo takale sitinkasamala nthawi zonse. Onaninso kuti mizere itatuyi simungaisinthanitse: mwana ayambe waonekera, kenako dontho, kenako mwendo. David Rubin, m'buku lake la 1995 lonena za mmene anthu amasungira nyimbo ndi ndakatulo zapakamwa, anafotokoza kuti liwu limakhazikika pamene zinthu zingapo zikuliloza nthawi imodzi, tanthauzo, kugunda ndi mamvekedwe. Munthu akaiwala liwu lotsatira "m'kamwa", mawu a maphatikizo awiri oyamba ndi mwa amene angakwane pamenepo ndi ochepa kwambiri, ndipo amalipeza yekha.

Nanga dzina lija, katemera, lili kuti? Lili m'kamwa mwa oyankha. Pambuyo pa mzere uliwonse gulu liyankhe kuti "Katemera, katemera!" Apa ndi pamene kubwereza kumagwira ntchito yake yaikulu, ndipo sitikubwereka kwa wina aliyense. Nthano zathu zimayenda ndi "tili tonse", nyimbo za ku tchalitchi ndi za pamaliro zili ndi woyambitsa ndi ovomera, magule a kumpoto kwenikweni monga sendemule wa Alambya ndi mapenenga amadalira gulu lovomera, ndipo amayi ku sikelo amaimba nyimbo za uphungu mwa njira yomweyo asanayambe kuyeza ana. Woitanira galimoto ya ku Karonga pa siteji ya pa boma sanena chiganizo. Amatchula dzina la malo kawiri, n'kupuma, n'kubwerezanso, mpaka munthu amene sakupita kumeneko naye limamukhala m'mutu. Liwu limene womvera wapatsidwa kuti alinene yekha amalisunga kuposa limene wangolimva. Choncho liwu lofunika kwambiri, kaya ndi dzina la sopo, la mbewu kapena la katemera, liikidwe mu yankho, ndipo pasakhale liwu lina lopikisana nalo pamenepo.

Masamu ake amayenda motere. Ng'oma ikamagunda ka 120 pa mphindi, kugunda kanayi ndi masekondi awiri. Mzere umodzi ndi yankho lake lobwerezedwa kawiri ndi masekondi anayi. Mizere itatu yatenga masekondi 12. Tikaika masekondi awiri a ng'oma yotsegulira, muulutsi atsala ndi 12 onenera zaka za ana, masiku ndi zoti alangizi afika pakhomo, ndipo anayi omaliza abwereze mzere wa dontho ndi yankho lake. Zonse pamodzi 30. Yankho likanenedwa kamodzi kokha, mzere ndi yankho zimakhala kugunda kasanu ndi kamodzi, ndipo oimba amapunthwa posowa poyambira mzere wotsatira. Mwina mubwereze liwulo, mwina musiye kugunda kuwiri kwa ng'oma yokha. Ine ndimakonda kusiya mpatawo pa ulendo womaliza, woyambitsa aimbe mzere wake, gulu likhale chete, kuti ana amene ali pafupi ndi wailesi ayankhe okha.

Mizere yonse itatu iimbidwe pa kayendedwe kamodzi ka nyimbo. Opeka aluso zimenezi zimawatopetsa, ndipo amafuna kukometsera mzere uliwonse mwa njira yake. Koma Wanda Wallace mu 1994 anaonetsa kuti nyimbo imathandiza anthu kukumbukira mawu pokhapokha ikakhala yosavuta ndi yobwerezedwa. Ndime iliyonse ikakhala ndi kaimbidwe kake, anthu amakumbukira mawu ochepa kuposa akanangowamva akulankhulidwa. Pali chinanso choyang'anira. Chichewa chimasiyanitsa mawu ena ndi kukweza kapena kutsitsa liwu, monga mtengo womera ndi mtengo wogulira katundu. Nyimbo zathu sizitsata zimenezi mokhwima, koma kanyimbo ka malonda kakakweza liwu pa te wa mtengo, omvera amamva mtengo wa m'nkhalango ukugwa m'malo mwa mtengo wa feteleza, ndipo anyamata a pa msika sachedwa kukasandutsa nthabwala.

Tsopano kanyimbo kathu kafika ku Chitipa, ndipo a pa wailesi ya kumeneko akufuna kuti kamveke m'zilankhulo za anthu. Kanyimbo ka "edwa, edwa" kaja kamafera pomwepa, chifukwa mathero ake ndi a Chichewa chokha. Kathu kali ndi mwayi, koma osati paliponse.

Mzere woyamba umawoloka pafupifupi wonse. M'Chitumbuka ndi "Mwana wane, mwana wako", maphatikizo omwewo, kugunda komweko. Liwu lakuti mwana lili m'zilankhulo zonse za m'bomali, ndipo ndicho chifukwa chabwino choyambira nalo. Wopeka amene akudziwa kuti mzere wake uyenda mtunda amasankha dala mawu oterewa, amene muzu wake ndi wa tonse: mwana, kumwa, kulima. Amapewanso mawu amene amamveka mofanana koma akunena zina. Kusambira kwa Mchewa ndi kwa m'madzi, kwa Mtumbuka ndi kwa ku sukulu.

Vuto lenileni lili pa kalembo kamodzi. Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinkhonde ndi Chibemba zimaika lembo la liwu kutsogolo kwa dzina: umwana m'malo mwa mwana. Madzi, amene Atumbuka ndi Aswahili amati maji, Abemba amati amenshi. Dzina lililonse latalika ndi phatikizo limodzi, ndipo mzere wa mayina awiri wachoka pa asanu ndi atatu kufika pa khumi. Womasulira wosazindikira amayamba u wa umwana pa kugunda koyamba kwa ng'oma, ndipo mzere wonse umasunthira kutsogolo ndi phatikizo limodzi, ng'oma n'kumagwera malo olakwika mpaka kumapeto. Ena amangodula u uja kuti zikwane, ndipo eni chilankhulo amamva mlendo akulankhula. Njira yabwino ndi kusiya kampata kakang'ono kusanafike kugunda koyamba, kuti u alowe ngati kupuma kwa woimba, ng'oma n'kugwerabe pa mwa. Kampatako kayenera kukhalapo kuyambira tsiku limene nyimbo ikujambulidwa koyamba m'Chichewa. Ngati yankho la gulu ladzaza mpata wonse mpaka pa kugunda kotsatira, palibe poika u, ndipo nyimbo yonse iyenera kujambulidwanso. Chindali ndi Chibemba zilinso ndi malembo a liwu aafupi ndi aatali amene amasiyanitsa mawu, kotero woimba sangakoke paliponse pamene nyimbo yafuna.

Mzere wachitatu suwoloka konse. Mwendo m'Chitumbuka ndi lundi, ndipo ubale wa mwendo ndi kuyenda watha. Apa palibe chifukwa choumirira. Mtumbuka ali ndi "lundi lake", mgwirizano wake wa l umene Chichewa sichinali nawo pamenepo, ndipo angamange mzere wake kuchokera apo. Chimene chiyenera kusungidwa ndi chimango: kugunda kanayi, liwu lobwera kawiri, yankho la gulu. Mawu odzaza m'chimangocho apekedwe mwatsopano ndi munthu amene anayamwa chilankhulocho, makamaka wotsogolera kwaya kapena mayi woyambitsa nyimbo ku sikelo, osati amene wangopatsidwa pepala kuti amasulire liwu ndi liwu. Zili ngati dengu: nsungwi za m'mbali n'zomwezo, koma woluka aliyense amadzaza ndi zimene zimamera kwawo.

Yankho ndilo lisasinthe. Katemera ndi liwu limene anthu amalimva ku chipatala ndi kwa alangizi m'Chichewa ndi m'Chitumbuka momwe, ndipo mwana wa ku Misuku akamva kanyimbo ka Chichewa pa Zodiak m'mawa ndi ka Chisukwa madzulo adzazindikira kuti ndi kamodzi chifukwa cha yankholo. M'midzi ya m'mbali mwa Songwe, kumene anthu amagula ndi kugulitsa m'Chiswahili, liwu lake ndi chanjo. Lili ndi maphatikizo awiri, theka la katemera, choncho limalowa m'malo omwewo likanenedwa kawiri, kapena gulu lingayankhe "katemera, chanjo, chanjo" kugunda osasokonekera.

Kanyimbo kasanapite pa wailesi kayesedwe pa anthu amene sanakhale nawo popeka. Kaimbidwe katatu kwa amayi odikira pa chigayo kapena ana otuluka ku sukulu, osawauza kuti aloweze, ndipo mawa lake afunsidwe zimene akukumbukira. Akang'ung'udza nyimbo popanda mawu, ndiye kuti ng'oma ndi kiyibodi zakwirira mawu kapena maphatikizo achuluka. Akakumbukira mizere koma osatchula katemera, dzina laikidwa pamalo olakwika. Akasintha liwu lina, ndipo anthu angapo n'kusintha mofanana, liwu lawolo ndilo loyenera, ndipo wopeka alitenge. Ana akapotoza mzere n'kukhala wolaula kapena woseketsa m'chilankhulo chimene wopekayo sachidziwa, zimene ku Chitipa zimachitika mosavuta poti zilankhulo n'zambiri, ndi bwino kuzimva pa chigayo pomwepo ndalama zogulira nthawi ya pa wailesi zisanalipidwe.